Mauthenga akale a WhatsApp sakuoneka pa laputopu: zochita musanadine Log out

Pa kashopu kanga kotaipa ndi kupulinta kuno ku Chipata, sabata siitha osabwera munthu atakolekera laputopu m'khwapa n'kumadandaula kuti WhatsApp yamudyera mauthenga. Aphunzitsi, alembi a makopaletivu, azibusa, ogula soya, onse funso lawo ndi limodzi: "Pa foni zilipo, nanga pa kompyuta zapita kuti?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndalemba pano kamodzi kokha. Wobwera mawa ndizingomupatsa awerenge uku ine ndikupulinta.

Choyamba chotsani maganizo akuti mauthenga anu ali pa intaneti penapake, ndipo kompyuta ikangolowa iwapeza onse monga zimakhalira ndi imelo. WhatsApp siyenda choncho. Kuyambira mu 2016 mauthenga ake amakiyidwa pochoka mu foni ya wotumiza ndipo amakatsegulidwa mu chipangizo cha wolandira basi. Makompyuta a kampaniyo, amene timawatcha maseva, amangopatsira. Uthenga ukafika kwa mwiniwake, iwo amaufufuta, ndipo ukalephera kufika amaugwirizira mpaka masiku 30 kenako n'kuutaya. Ndiye nkhokwe ya mauthenga anu ndi foni yanu yomweyo, imene munalembetsa nambala. Iyi ndizitcha foni yaikulu, ngakhale itakhala kafoni kosweka galasi.

Mukalumikiza laputopu, foni yaikulu imatapa mauthenga a posachedwapa, kuwamanga mtolo umodzi wokiya, n'kuutumiza ku laputopu. Laputopu imamasula mtolowo ndi kuusunga mwa iyo yokha. Kutapa kwakukulu kumeneku kumachitika pa nthawi yolumikiza, ndipo sikutenga nkhokwe yonse, kumangodzaza tini imodzi ya pamwamba. Kuchokera apo, uthenga uliwonse watsopano umafika pawiri, ku foni ndi ku laputopu, chilichonse kulandira kope lakelake. Ichi n'chifukwa chake masiku ano laputopu imalandirabe mauthenga foni itazima, pamene kale, njira yatsopanoyi isanayambe kuyesedwa mu 2021, foni ikangotha moto WhatsApp ya pa kompyuta, yotchedwa WhatsApp Web, imaima nji. Koma n'chifukwa chakenso zakale zimasowa. Zatsopano zili ndi njira yawoyawo, zakale zimadalira tini ija.

Amene anazolowera Telegram amadabwa, chifukwa kumeneko ukalowa pa kompyuta yatsopano zonse zimatuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti Telegram imasunga macheza wamba pa maseva ake. Musayembekezere zimenezo kuno.

Kuti masitepewa amveke, ndiwayendetsa ndi nkhani ya amayi ena, msungichuma wa kagulu ka alimi cha ku msewu wa Chadiza. Anabwera mu Juni akufuna kupulinta uthenga wa mu Meyi chaka chapitacho, umene wogula wina analonjeza mtengo wa soya ndi tsiku lomaliza kulipira. Mwana wawo anali atawalumikizira WhatsApp Web pa laputopu ya gulu, koma machezawo pa laputopu ankathera mu Malichi wa chaka chimene anabweracho.

1. Ufuneni uthengawo mu foni yaikulu kaye.

Musanagwire kompyuta, tsegulani macheza amenewo mu foni, pa Android dinani timadontho titatu pamwamba, musankhe Search, mulembe liwu limodzi limene mukulikumbukira. Amayi aja tinalemba "soya", kenako tinayenda ndi kamuvi koloza m'mwamba mpaka tinaupeza. Lembani papepala tsiku lake. Tsiku limeneli ndi limene mukaliyerekeze ndi pamene laputopu yathera.

Ngati mu foni mulibe, imani pomwepo ndipo muwerenge sitepe 2 mosamala, chifukwa laputopu singalandire chimene foni ilibe. Zifukwa zimene ndimakumana nazo n'zochepa. Ena anasintha foni osabwezeretsa bakapu, kutanthauza kope la macheza limene foni ya Android imasunga ku Google Drive ndipo iPhone imasunga ku iCloud. Kwa amenewa mbiri inayambira tsiku logula foni. Ena macheza awo ali ndi Disappearing messages, zimene zimafufuta mauthenga pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo zimafufuta paliponse, mu foni ndi pa kompyuta pomwe. Nthawi zambiri anaziyatsa ndi winayo, inu simunaone kachizindikiro ka wotchi pa chithunzi chake. Ena anadina Clear chat foni itadzaza. Enanso amafuna uthenga wa m'gulu umene unalembedwa iwo asanalowe m'gulumo, umene foni yawo sinaulandireko n'kale.

2. Musadine Log out musanaone chimene chili mu laputopu.

Apa ndi pamene anthu amadzipweteka okha. Mnyamata aliyense wodziwa mafoni ku Kapata akakuuzani kuti "tulukani mulowenso". Nthawi zina malangizowo ndi abwino, ndipo ifenso tifika pomwepo. Koma dziwani chimene Log out imachita: imafufuta zonse zimene laputopu inasunga, ndipo mukalowanso mumalandira tini yatsopano yoyezedwa kuchokera lero.

Taganizani laputopu imene inalumikizidwa zaka ziwiri zapitazo ndipo sinatulukepo. Iyo yakhala ikuunjika mauthenga zaka ziwiri zonsezo, kuphatikizapo tini yoyamba ija. Mukatuluka n'kulowanso, mukhoza kutsala ndi a miyezi yochepa chabe. Simunataye kanthu kwenikweni ngati foni ili nazo zonse, koma mwaipitsa chimene mumafuna kukonza.

Zoopsa zenizeni zili kwa amene foni yawo yabedwa kapena yagwera m'madzi. Laputopu ipitiriza kugwira ntchito kwa masiku angapo, ndipo pa nthawi imeneyo mwina ndi malo okhawo amene mauthenga anu atsala. Palibe njira yowabwezera kuchoka mu laputopu kupita mu foni. Msewu wake ndi wopita kumodzi. Laputopu si bakapu, sipanga bakapu, ndiponso siwerenga bakapu ya ku Google Drive. Choipa kwambiri n'chakuti mukangotenga simu ina ya nambala yomweyo n'kulembetsa WhatsApp mu foni yatsopano, zipangizo zonse zolumikizidwa zimatulutsidwa nthawi yomweyo, ndipo zimene zinali m'menemo zimapita. Ndinaona atate ena atachita zimenezi m'mawa, masana akubwera kudzapulinta malisiti a feteleza amene dzulo lake anali pa laputopu. Tinangoyang'anana.

Ndiye ngati foni yatayika, musathamangire kulembetsa. Khalani pa laputopu usiku umenewo, mutsegule macheza ofunika amodziamodzi, mujambule sikirini, mukopere mawu mu Word, mutsitse zithunzi ndi mapepala m'foda. Mukamaliza ndiye mulembetse foni yatsopano. Pokhapokha ngati mukuopa kuti wakubayo akulembera anthu m'dzina lanu kupempha ndalama, pamenepo tsekani simu ndi kulembetsa msanga, mauthenga akale achepa mtengo.

3. Dziwani chimene mukugwiritsa ntchito pa kompyutapo.

Anthu amangoti "WhatsApp ya pa laputopu", koma zilipo ziwiri. Ina mumatsegula mu bulauza, monga Chrome kapena Edge, polemba web.whatsapp.com. Inayo ndi pulogalamu yoika mu kompyuta, imene pa Windows imatengedwa ku Microsoft Store. Pooneka n'zofanana, koma kampaniyo yakhala ikunena yokha kuti si mauthenga onse amene amapita ku zipangizo zolumikizidwa, ndiponso kuti pulogalamu yoika imatenga mbiri yaitali kuposa ya mu bulauza. Inenso ndi zomwe ndimaona pa shopu. Musavutike ndi kuwerenga kuti miyezi ingati, chifukwa malirewo amasintha ndi mtundu wa pulogalamu. Malire anu muwaona nokha pa sikirini mu sitepe 6.

Ubwino wake n'ngwakuti simuyenera kutuluka mu bulauza kuti muyese pulogalamu. Nambala imodzi imalola zipangizo zinayi zolumikizidwa, kupatula foni yaikulu, ndipo bulauza ndi pulogalamu zimawerengedwa ngati ziwiri ngakhale zili mu laputopu imodzi. Amayi aja tinasiya bulauza mmene inalili, n'kuika pulogalamu pambali. Mukatero simutaya kalikonse. Ngati malo anayiwo adzaza, tsegulani Linked devices mu foni muone mndandanda. Kawirikawiri mumapezamo kompyuta ya pa shopu ina imene munapulintirapo kalekale. Tulutsani imeneyo.

4. Konzani foni ngati mukuikonzera ulendo.

Ntchito yolemera imagwiridwa ndi foni, osati laputopu. Iyo ndi imene imasonkhanitsa mauthenga, kuwakiya ndi kuwakweza pa intaneti, ndipo kukweza kumachedwa kuposa kutsitsa. Iikeni pa chaja. Ngati malaiti apita kapena mukudziwa kuti apita posachedwa, dikirani abwere. Zimitsani Battery saver ndi Data saver, chifukwa ziwirizi ntchito yawo ndi kugoneka mapulogalamu sikirini ikazima, ndipo mafoni otchipa amene ambirife tili nawo amagoneka mwankhanza. Onani ngati mu foni mwatsala malo, ndipo mukonze WhatsApp ikhale yatsopano ku Play Store. Amene muli ndi ma WhatsApp osinthidwa aja, a mitundumitundu obisa kuti mwawerenga, musadabwe kulumikiza kukakana kapena kuthera panjira. Kampaniyo siwavomereza.

Za bandulo. Ngati laputopu ikudya intaneti ya foni yomweyo kudzera pa hotisipoti, mtolo uja umayenda kawiri pa bandulo imodzi: kukwera kuchoka mu foni, n'kutsikanso kupita mu laputopu. Mauthenga olemba salemera kwambiri, koma Windows ikanunkhiza intaneti imayamba kutsitsa zakezake, bandulo n'kuthera pakati pa ntchito. Pa kulumikizako yatsani Metered connection kuti iziumira. Ndipo gulani bandulo wamba, osati ya WhatsApp yokha. Ndaonapo kangapo bandulo yotereyi ikuyenda bwino mu foni koma laputopu ili duu.

5. Lumikizani, kenako khalani pansi.

Pa Android dinani timadontho titatu, Linked devices, kenako Link a device. Pa iPhone muzipeza mu Settings. Foni ikufunsani chala kapena nambala yotsegulira, kenako lozani kamera pa kachidindo ka QR kamene kali pa laputopu. Ngati kamera ili ndi ming'alu ndipo siwerenga, pali njira yolowera ndi nambala ya foni: laputopu imaonetsa zilembo ndi manambala 8, inu n'kuzilemba mu foni. Ngati ndi bulauza ya laputopu yanuyanu, siyani chizindikiro pa kabokosi konena kuti mukhalebe wolowa.

Mpaka apa malangizo onse amanena. Chimene amasiya ndi ichi. Pakapita kanthawi kochepa mndandanda wa macheza umaonekera pa laputopu, mayina ndi zithunzi zonse bwinobwino, ndipo munthu amati zatheka. Amatseka WhatsApp mu foni, kuiponya m'chikwama, n'kunyamuka. Koma chimene chafika ndi kamtolo koyamba chabe, ka mauthenga omalizira a macheza aliwonse, kongoti sikirini isakhale yopanda kanthu. Zotsalazo zimabwera pambuyo, zidutswazidutswa, kuyambira zatsopano kubwerera m'mbuyo. Foni ikagona kapena netiweki ikaduka pakati, zidutswa zakale n'zimene zimatsala, chifukwa n'zimene zili kumapeto kwa mzere. Mwa anthu amene amabwera kwa ine, ochuluka vuto lawo ndi limeneli.

Ndiye chitani izi. Siyani WhatsApp yotsegula mu foni, pa tsamba la Linked devices lomwelo, ndipo sikirini isazime. Ngati imazima msanga, onjezerani nthawi pa Screen timeout kapena muziigusa ndi chala. Musayankhe foni yoimbidwa ngati si ya maliro, chifukwa m'malo ambiri kuimba kumagwetsa intaneti ya foni. Musatseke chivundikiro cha laputopu. Musachoke ndi foni kupita panja ngati ndi imene ikupereka hotisipoti. Yang'anani mawu a pa sikirini: pa foni kapena pa laputopu pamaoneka liwu lakuti Syncing, nthawi zina ndi chenjezo loti musatseke pulogalamu, nthawi zina ndi maperesenti. Mawu enieniwo amasiyana ndi mtundu wa pulogalamu, koma Syncing ikadalipo, ntchito ikadalipo. Ikalemba kuti paused, ndiye kuti foni yagona. Itseguleni ipitirize.

Nthawi yake imadalira kuchuluka kwa macheza ndi mphamvu ya netiweki. Munthu wa macheza ochepa ali m'tauni amamaliza tiyi asanazizire. Amayi aja anali m'magulu a mpingo, a chilimba, a sukulu ya ana ndi a maliro a kumudzi, foni yawonso inali yokalamba. Patatha mphindi khumi anayamba kusonkhanitsa katundu.

"Mwananga, si izi zabwera? Nditsalira basi ine."

"Amayi, khalani pang'ono. Mayina okha ndi amene afika, nkhani zikadali m'njira."

Anakhala monyinyirika, ndinawagulira chinangwa chootcha, ndipo inatenga pafupifupi theka la ola kuti Syncing ichoke. Ndimauza aliyense kuti apatule ola lathunthu, ndipo ngati kwanu netiweki ndi yokwerera pachulu, bwerani nazo m'tauni zonse ziwiri.

Mungadziwe bwanji kuti kutapa kunaduka, osati kuti kunangofika pa malire ake? Tsegulani macheza anayi kapena asanu amene mumalemba kawirikawiri, mukwere nawo mpaka pamwamba. Ngati onse akuthera cha pa nyengo imodzi, amenewo ndi malire enieni. Ngati ena akufika patali, ena ali ndi mauthenga awiri atatu okha, enanso palibiretu pa mndandanda, kunaduka. Apa ndiye "tulukani mulowenso" ali ndi ntchito, ndipo simutaya kanthu chifukwa kulumikizako n'kwa lero lomwe.

6. Pezani malire, mupemphe zoonjezera.

Tsegulani macheza amene mukufuna, mukwere m'mwamba mpaka pothera. Pamenepo pamakhala kamzere kakang'ono kamene ambiri sakawerenga. Nthawi zina kamati "Click here to get older messages from your phone." Nthawi zina kamangokuuzani kuti mugwiritse ntchito foni kuti muone mauthenga akale, ndipo kamatchula tsiku. Mawu akuti from your phone akunena zoona: mukadina, laputopu imapempha foni yaikulu, osati seva. Foni ikhale yoyaka, ili pa intaneti, WhatsApp yotsegula. Ikakhala m'thumba la mwana amene wapita nayo ku Katete, kazunguliza kazingozungulira mpaka kukana.

Kudina kamodzi kumabweretsa kachigawo, osati zonse, ndipo n'kwa macheza amenewo okha. Mumakwera, kudina, kudikira, kukweranso. Kwa munthu mmodzi amene mumalemberana mwa apo ndi apo, mufika msanga. M'gulu limene anthu amapatsana moni m'mawa uliwonse, mutopa musanabwerere mwezi umodzi. Ndipo pamene kamzereko sikadinika, kakungokutumizani ku foni, ndiye pamathero. Musalimbane napo.

Chenjezo lina pano: Search ya pa laputopu imafufuza zimene zili mu laputopu zokha. Ikati palibe, sikuti uthengawo unafufutidwa. Munthu wina anatsala pang'ono kukangana ndi mlamu wake pa nkhani ya ngongole chifukwa cha zimenezi, akuti mlamuyo wafufuta umboni, pamene umboniwo unali phee mu foni.

Kwa amayi aja, pulogalamu yoika ija inafika patali kuposa bulauza, koma inathera mu Juni chaka chapitacho. Uthenga wawo unali wa mu Meyi. Tinauphonya ndi milungu itatu yokha.

7. Zikakana, tengani uthengawo ndi njira ina.

Cholinga sichinali kudzaza laputopu, chinali kupulinta. Njira imene anthu amayamba kuganiza ndi kudzitumizira okha uthengawo ndi Forward. Imagwira, chifukwa uthenga wotumizidwanso ndi watsopano ndipo ufika pa laputopu nthawi yomweyo. Koma umafika ndi tsiku la lero ndi dzina lanu, wopanda dzina la amene anaulemba. Pa nambala ya akaunti kapena adiresi zilibe kanthu. Pa umboni wa mtengo wa soya, pepala lotero wogulayo angoliseka.

Njira yabwino ndi Export chat. Mu foni ya Android tsegulani machezawo, dinani timadontho titatu, More, Export chat, musankhe Without media, mutumize failoyo ku imelo yanu. Mumalandira failo ya mawu okhaokha, mzere uliwonse uli ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wolemba. Itseguleni pa laputopu, dinani Ctrl+F, mulembe liwu lanu lija. Njirayi ilinso ndi malire: imatenga mauthenga omalizira okwana 40,000 popanda zithunzi, kapena 10,000 mukasankha Include media. Pa macheza a anthu awiri kawirikawiri simufikako, koma gulu lalikulu la zaka zambiri likhoza kudulidwa. Ngati Export chat ikukana, onani ngati wina anayatsa Advanced chat privacy m'machezawo, chifukwa imatsekereza zimenezi. Dziwaninso kuti failoyi ndi yowerenga basi, siibwezeka mu WhatsApp.

Popeza failo ya mawu aliyense angathe kuisintha, ine ndimaonjezera chithunzi cha sikirini ya foni, choonetsa dzina pamwamba ndi tsiku, kenako n'kupulinta zonse ziwiri. Amayi aja anachoka ndi masamba atatu otero. Basi anaiphonya, anakwera ina.

Chimene ndikukupemphani musachite ndi kufufuta WhatsApp mu foni n'kuiikanso poganiza kuti bakapu ibweretsa zakale. Ku Google Drive kumakhala kope limodzi, lomalizira, ndipo latsopano limafafaniza lakale. Ngati uthengawo unasowa mu foni miyezi yapitayo, bakapu ya usiku wathawu ilibenso. Mungotaya za lero, n'kutulutsanso laputopu.

8. Zithunzi, mavoisi ndi mapepala zili ndi nkhani yawoyawo.

Nthawi zina uthenga umaoneka, koma chithunzi chili mbuu ndi kamuvi kotsitsira, mukadina chikukana. Mu mtolo uja mumabwera mawu ndi kachithunzi kakang'ono koonetsera chabe. Failo yeniyeni imatsitsidwa payokha, ndipo seva siisunga mpaka kalekale. Ikakhala yakale, laputopu imadalira foni kuti iikwezenso. Ndiye yatsani foni muyesenso. Ngati munaifufuta mu foni posesa malo, monga timachitira tonse foni ikadzaza ndi mavidiyo a m'magulu, chotsala ndi kupempha amene anatumiza atumizenso. Lisiti kapena kalata imene mukudziwa kuti mudzaifuna, itsitseni pa laputopu tsiku lomwe yafika, muiike m'foda ya kunja kwa WhatsApp.

Zithunzi zoona kamodzi, za View once, pa kompyuta kawirikawiri zimangokuuzani kuti mukatsegule pa foni. Si vuto, anachita dala. Ndipo mukaona "Waiting for this message. This may take a while." umenewo si uthenga wakale wosowa. Ndi watsopano umene makiyi ake sanagwirizane pakati pa laputopu yanu ndi foni ya wotumiza. Yatsani intaneti mu foni yanu, ndipo winayo akalowanso pa intaneti umatseguka wokha.

9. Sungani kulumikizako kuti tini isakhuthuke.

Mukalumikiza bwino kamodzi, laputopu imaunjika yokha, ndipo pakatha chaka imakhala ndi mbiri yabwino. Zimene zimaikhuthula ndi zitatu. Choyamba, foni yaikulu ikakhala masiku opitirira 14 osatsegula WhatsApp pa intaneti, zipangizo zonse zimatulutsidwa. Izi zimagwira magulu ndi mashopu amene nambala yawo ili mu foni ya wapampando, iye n'kupita kumudzi ku Lundazi nthawi yokolola, alembi akugwira ntchito pa laputopu osadziwa kuti masiku akuwerengedwa. Muuzeni wapampando kuti kamodzi pa sabata azikwera pamene pali netiweki n'kutsegula WhatsApp.

Chachiwiri ndi cha a bulauza. Mauthenga amasungidwa mu bulauza momwemo, ndiye mukadina zofufuta Cookies and other site data, kapena mwana akayendetsa pulogalamu yosesa kompyuta, zonse zimapita ndipo kachidindo ka QR kamabwereranso. Pa windo ya Incognito zimapita mukangotseka. Chrome ndi Edge sizigawana, iliyonse ndi chipangizo pachokha. Chachitatu ndi kupereka laputopu kwa okonza kuti aikemo Windows ina. Bwererani ku sitepe 2 musanaipereke.

Kumbukiraninso kuti kufufuta kumayenda mbali zonse. Mukafufuta macheza pa laputopu poganiza kuti mukungosesa pa laputopupo, mu foni nawonso amachoka.

Pa kompyuta ya eni, kaya ya ku ofesi kaya ya pa shopu ngati yanga, lamulo limatembenuka. Tini imene foni yanu yatapa imatsala mu kompyuta imeneyo, ndipo mauthenga atsopano azifikabe pomwepo inu mutapita, foni yanu itazima. Mukamaliza kupulinta dinani Log out musanaimirire, kenako mutsegule Linked devices mu foni muone kuti yachokadi pa mndandanda. Mukaiwala, mungathe kuitulutsa muli kunyumba: dinani dzina la kompyutayo pa mndandanda womwewo, musankhe Log out. Kwa ine, ngati ndi pepala limodzi lokha, musalumikize n'komwe. Nditumizireni pa nambala ya shopu, ndipulinta.